Akati “Muli bwanji?” pafoni ya bizinesi, muziwayankha chiyani?

Lachinayi lina, nthawi ili cha m’ma 9 koloko m’mawa, foni ya mchemwali wanga amene amaphika makeke ku Chilomoni inalira. Nambala inali yachilendo, ndipo uthenga wake unali wa mawu awiri okha: “Muli bwanji?” Manja ake anali mu ufa, makeke awiri ali mu uvuni, choncho foniyo anaigwira 11 koloko itakwana kale. Anayankha monga tinaphunzitsidwira kwathu: “Ndili bwino, kaya inu?” Wofunsa uja anali atatseka intaneti, mwina atalowa ntchito. Yankho lake linafika 1 koloko masana: “Ndili bwino. Ndimafuna ndifunse nawo.” Basi, osapitiriza. Mchemwali atati “Funsani,” panapitanso maola awiri kuti pabwere funso loti, “Keke ndi zingati?”

Funso limeneli silingayankhike. Keke ya anthu khumi ndi keke ya ukwati si mtengo umodzi. Choncho anafunsa kuti ndi ya mwambo wanji, kenako ya anthu angati, kenako ikufunika liti, funso lililonse palokha, lililonse likudikira kuti winayo atsegule foni. Pamene zinadziwika kuti kekeyo ikufunika Loweruka lomwelo, kunja kunali kutada. Lachisanu m’mawa anatumiza mtengo, koma yankho linali loti, “Pepani, ndapeza kwina.” Mauthenga anadutsa khumi, tsiku lathunthu linatha, pamene zonse zofunika zikanakwana m’chiganizo chimodzi.

Ambiri ochita malonda pafoni akakumana ndi zotere amadandaula za makasitomala. Amati anthu ndi otaya nthawi, sadziwa chimene akufuna. Ine sindikugwirizana nazo, ndipo ndikufuna ndiyambire pomwepa, chifukwa munthu akalakwitsa pomvetsa vutoli amalakwitsanso mankhwala ake.

Kwathu mlendo safika pakhomo n’kuyamba kufotokoza chimene wadzera. Amati “Odi,” n’kuima. Eni khomo akavomera, amamupatsa mpando, amamulonjera, ndipo pambuyo pake m’pamene amamupatsa mpata woti anene za ulendo wake. Wongofikira kunena zofuna zake timamuti ndi wopanda mwambo. Tsono munthu amene walemba “Muli bwanji?” n’kukhala chete sanaiwale chimene amafuna. Waodira, ndipo akudikira kuti mwini khomo amulole kulowa. Vuto ndi lakuti pakhomo malonje amatha m’mphindi ziwiri, pamene pafoni sitepe iliyonse ikhoza kudya maola. Wina bandulo yatha, wina magetsi azima ndipo batire lafa, wina ali m’minibasi, wina ali m’kalasi. Anthu ogwira ntchito za makompyuta kumaiko a azungu anatopa nacho chizolowezi chimenechi mpaka anatsegula tsamba la pa intaneti lotchedwa nohello.net, lopempha anzawo kuti asamatumize moni yekha popanda funso. Kwa iwo mwina zikugwira. Kuno, wogulitsa akalemba kuti “osapereka moni, nenani zofuna zanu,” wathamangitsa mlendo ali pakhomo.

Chofunika si kuchotsa malonje. Chofunika ndi kuwamaliza onse kamodzi, mwini khomo asanafike n’komwe.

Moni amene amadzitumiza yekha

Pulogalamu ya WhatsApp Business, imene inatuluka mu Januwale 2018 ndipo ndi yaulere, ili ndi chida chochitira zimenezi. Pafoni ya Android mumadina timadontho titatu pamwamba kumanja, n’kusankha Business tools, kenako Greeting message. Mukayatsa Send greeting message mumalemba mawu anu, n’kusunga. Kuyambira pamenepo, munthu akakulemberani koyamba, foni imamuyankha yokha ndi mawu amenewo. Imateronso kwa munthu amene papita masiku 14 musanalemberane naye.

Pali zinthu ziwiri zoti muzidziwe musanalembe liwu lililonse. Choyamba, moni ameneyu satsogola. Amapita pambuyo poti kasitomala watumiza kale uthenga wake woyamba. Choncho ndi yankho, ndipo ayenera kumveka ngati yankho, kaya munthuyo analemba “Odi,” kaya “Bo,” kaya anafotokoza kale zonse. Chachiwiri, amapita pokhapokha foni yanu ili pa intaneti. Bandulo ikatha kapena foni ikazima, mlendo wanu aima pakhomo popanda womuvomera.

Pulogalamuyi imabwera ndi mawu ake a Chingerezi othokoza munthu ndi kumufunsa kuti athandizidwe bwanji. Ambiri amangowasiya momwemo, ena amawamasulira kuti, “Takulandirani, tikuthandizeni bwanji?” Mawuwa ndi aulemu ndithu, koma sagwira ntchito imene tikufuna. “Tikuthandizeni bwanji?” ndi funso lopanda malire, ndipo munthu amaliyankha ndi chinthu chimodzi chimene chili pamwamba pa mtima wake, chomwe kawirikawiri ndi mtengo. Amati “Keke ndi zingati?” ndipo mwabwerera pomwe munali. Kasitomala sadziwa kuti mtengo wa keke umadalira chiyani. Amene akudziwa ndinu. Ngati simumuuza zoti anene, musayembekeze kuti alota.

Momwe tinakonzera moni wa mchemwali

Sitinayambe ndi kulemba. Tinayamba ndi kuwerenga. Tinatsegula macheza akale makumi awiri a makasitomala atsopano, ndipo pa alionse tinalemba m’kope mafunso amene mchemwali anafunsa asanathe kutchula mtengo. Mafunso ambiri anali obwerezabwereza: ikufunika liti, ndi ya anthu angati, mudzatenga nokha kapena tikubweretsereni kuti, ikhale ya chokoleti kapena ya vanila, tilembepo dzina lanji, mtundu wa zokongoletsa, mulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Kenako ndinamufunsa funso limodzi: mwa zonsezi, ndi ziti zimene popanda izo simunganene kuti “ndikwanitsa, ndipo mtengo ndi wakuti”? Zinatsala zitatu. Tsiku, chifukwa ndilo limasonyeza ngati uvuni uli ndi malo. Chiwerengero cha anthu, chifukwa ndicho chimapereka kukula kwa keke. Malo, chifukwa kupititsa keke ku Bangwe kapena ku Chirimba kuli ndi mtengo wake. Zina zonse, monga dzina lolemba pamwamba ndi njira yolipirira, zikhoza kudikira mpaka munthu atavomera mtengo. Apa m’pamene ambiri amagwa. Amafuna kuti moni afunse zonse zisanu ndi ziwiri, ndipo uthenga umatalika mpaka kufanana ndi fomu ya kuchipatala. Munthu amene wangobwera kudzafunsa mtengo sanakonzeke kusankha maluwa a pakeke. Akaona mafunso ambiri amayankha “Ok” n’kuzimiririka. Komanso uthenga ukatalika kwambiri WhatsApp imaupinda, n’kusiya mawu oti Read more, ndipo zimene zabisika pansi pake ndi ochepa amene amazitsegula.

Moni amene tinamaliza naye ndi uyu:

“Zikomo, takulandirani. Kuno tili bwino, tikhulupirira nanunso muli bwino. Uthenga uno umabwera wokha tikakhala ku uvuni.

Kuti tikuuzeni mtengo msanga, tiuzeni zinthu zitatu mu uthenga umodzi: tsiku limene keke ikufunika, anthu angati adzadye, ndi malo okalandirira.

Mwachitsanzo: Keke ya tsiku lobadwa, Loweruka pa 14, anthu 30, ndidzatenga ndekha ku Chilomoni.

Mukhoza kulemba kapena kujambula mawu. Ngati mwanena kale, musavutike kubwereza. Timayankha 12 koloko masana ndi 5 koloko madzulo.”

Chiganizo chilichonse pamenepa chili ndi ntchito yake, ndipo ndi bwino tione ziganizo zimene zinativuta.

Mzere woyamba tinaulemba katatu. Poyamba unali “Tili bwino, kaya inu?” chifukwa ndi momwe lilime limayendera. Koma “kaya inu” ndi funso, ndipo munthu waulemu amaliyankha. Ankalemba “Ndili bwino, zikomo,” n’kuimanso kudikira, mafunso atatu aja osawakhudza. Munthu akapatsidwa mafunso angapo amathamangira losavuta. Ndiye tinasintha kuti moni akhale wotseka: tanena kuti tili bwino, tamufunira zabwino, ndipo palibe chimene akuyenera kubweza. Mwambo wakwanira, khomo latseguka. Tinapewanso “Mwadzuka bwanji” ndi “Mwaswera bwanji,” chifukwa foni imatumiza mawu omwewo kaya ndi m’mamawa kaya ndi pakati pa usiku. “Bambo” ndi “Mayi” tinawasiyanso, popeza nambala yachilendo sisonyeza kuti mwini wake ndani. “Inu” wa ulemu amakwanira aliyense, agogo ndi mwana wasukulu yemwe.

Mawu oti “Uthenga uno umabwera wokha” mchemwali sanawafune poyamba. Ankaona ngati akuchotsa chikondi. Koma taganizirani zimene zimachitika mukawachotsa. Munthu walemba moni, ndipo m’kanthawi kochepa yankho lafika. Iye akuganiza kuti mwini bizinesi ali pafoni pomwepo, choncho amayamba kucheza monga timachezera ndi mnzathu, kachidutswa kamodzi kamodzi: “Ndikufuna keke,” n’kudikira. Akaona kuti simukuyankhanso, amakhumudwa kuti mwamunyalanyaza dala. Akadziwa kuti kulibe munthu pakali pano, amachita ngati wosiya kalata kwa mwana wa pakhomo: amalemba zonse, chifukwa akudziwa kuti sadzafunsidwa funso lina posachedwa. Kunena zoona pamenepa kumathandiza malonda kuposa kunamizira kuti mulipo.

Chimene ndimachiwerengera kwambiri mu uthenga wonsewu ndi chitsanzo. Anthu ambiri sawerenga malangizo, koma amatsanzira zimene aona. Mukati “tiuzeni kukula kwa keke,” wina ayankha “yaikulu,” wina “yapakatikati,” ndipo mawu amenewa sakuuzani kanthu. Mukasonyeza kuti “anthu 30,” aliyense amadziwa kuti pakufunika nambala, ndipo nambala imeneyo aliyense amaidziwa, pamene kulemera kapena kutambalala kwa keke ndi chinenero cha ophika. Chimodzimodzi tsiku: chitsanzo chikanena “Loweruka pa 14,” munthu amatchula tsiku ndi deti yomwe, m’malo mwa “sabata yamawa” imene aliyense amaimva mwa njira yake. Chitsanzo chimachitanso ntchito ina yobisika. Chimasonyeza kuti yankho lonse ndi mzere umodzi chabe, kuti si ntchito yaikulu, ndiponso kuti Chichewa wamba n’chololedwa. Pali anthu amene amalemba “Hi” n’kuima chifukwa akuopa kuti bizinesi imafuna Chingerezi chimene iwo sangachilembe bwino. Moni wa Chichewa amawamasula. Ngati makasitomala anu ndi osakanikirana, ikani mzere umodzi wa Chingerezi pansi, koma musamasulire uthenga wonse chifukwa utalika kawiri.

Poyamba zinthu zitatu zija tinaziika pa manambala, 1, 2, 3, poganiza kuti zioneka zadongosolo. Anthu ena anayankha “2” basi. Sanalakwe. Tonse tinazolowera kuti foni ikationetsa mndandanda wa manambala, monga potumiza ndalama kapena pogula bandulo, timasankha nambala imodzi. Tinachotsa manambalawo n’kulemba chiganizo chimodzi. Kuti mawu ofunika aoneke, tinawadetsa. Pa WhatsApp liwu limada mukaliika pakati pa tinyenyezi tiwiri:

```
*tsiku*  *anthu angati*  *malo*
```

Za kujambula mawu, ena ogulitsa amadana nazo chifukwa kumvetsera kumatenga nthawi ndipo sungafufuze liwu mkati mwake. Zoona. Komabe munthu amene amavutika kulemba, kapena amene foni yake ili ndi galasi losweka, akaloledwa kulankhula amanena zonse m’kamphindi, malonje ndi pempho lomwe, pamene polemba akanatumiza tizidutswa tisanu. Chofunika ndi chakuti inu mukamvetsera mubwereze mwa kulemba zimene mwamva: “Tamva kuti Loweruka pa 14, anthu 30, ku Chilomoni.” Mukatero pamakhala umboni wolembedwa, ndipo ngati mwamva molakwa akukonzani nthawi ilipo.

“Ngati mwanena kale, musavutike kubwereza” ndi ulemu kwa kasitomala wabwino kwambiri, uja amene anafotokoza zonse mu uthenga woyamba. Foni siwerenga zimene iye walemba, imangotumiza moni kwa aliyense. Popanda mzere umenewu iye amaona ngati sanamvedwe.

Pomaliza pali nthawi yoyankhira. “Tikuyankhani posachedwa” ndi lonjezo lopanda mutu. Kwa wophika, posachedwa ndi keke ikapsa. Kwa wofunsa, ndi mphindi zisanu. Zikatha mphindi zisanuzo m’pamene mauthenga a “Mulipo?” ndi zizindikiro za funso zokhazokha amayamba kugwa. Tchulani maola enieni, ndipo akhale amene mungawasunge pa tsiku lotanganidwa, osati pa tsiku labwino. Mchemwali anasankha 12 koloko ndi 5 koloko chifukwa ndi nthawi imene amasamba m’manja n’kukhala pansi. Akayankha nthawi isanakwane, kasitomala amakondwa. Akalonjeza mphindi khumi n’kuyankha patatha maola atatu, moni yemweyo amasanduka mboni yomutsutsa.

Ndani alandire moni ameneyu

Pansi pa malo olembera pali Recipients, pomwe mumasankha olandira. Pali Everyone, Everyone not in address book, Everyone except ndi Only send to. Ambiri sapayang’ana, koma kwa ife amene foni ya bizinesi ndi yomweyonso ya banja, m’pofunika kwambiri. Mukasiya pa Everyone, amalume akumudzi amene papita mwezi osalemberana nawo akatumiza uthenga wa maliro, adzalandira yankho lowafunsa kuti keke ndi ya anthu angati. Zimenezi n’zopweteka, ndipo kupepesa pambuyo sikufafaniza.

Everyone not in address book amateteza abale, chifukwa moni amapita kwa okhawo amene nambala zawo simunasunge. Koma ali ndi mtengo wake: makasitomala akale amene munawasunga m’foni sadzamulandiranso. Kwa wophika makeke zimenezi si zoipa kwenikweni, pakuti kasitomala wakale amadziwa kale zonena, ndipo amayenera kulandiridwa ndi dzina lake. Amene akufuna kuti makasitomala onse azilandira asankhe Everyone except, n’kuchotsamo abale, abusa ndi anzawo apamtima mmodzimmodzi. Ndi ntchito ya madzulo amodzi. Njira yoposa zonse ndi kukhala ndi nambala ya bizinesi payokha, kwa amene angakwanitse.

Nanga kasitomala amene analemba sabata yatha, lero wabweranso ndi “Muli bwanji?” yekha? Masiku 14 sanakwane, choncho moni sapita. Apa pamathandiza Quick replies, amene ali momwemo mu Business tools. Mumasunga mawu ofupikitsidwa a pempho lija n’kuwapatsa dzina lachidule. Mukakhala m’macheza mumalemba chizindikiro cha / ndi dzinalo, mawu onse n’kubwera:

```
/oda
```

Palinso Away message, uthenga wa nthawi imene mwatseka, umene mungauike pa Outside of business hours ngati munalemba maola anu a ntchito. Ambiri amalembamo kuti “Tatseka, tilembereni mawa.” Uku ndi kubweza mlendo ndi katundu wake. Anthu ambiri amafunsa za malonda usiku, ataweruka ndipo ana atagona. Uthenga wa usiku unene kuti mwatseka, upemphe zinthu zitatu zomwe zija, ndipo unene ola limene mudzayankhe m’mawa. Ukhale waufupi, chifukwa munthu watsopano wolemba usiku asamve ngati mukumulalikira.

Kulankhula kasitomala asanalembe

Tanena kuti moni amabwera pambuyo pa uthenga woyamba. Pali njira imodzi yofikira patsogolo pake, ndiyo linki imene imatsegula macheza mawu ena atalembedwa kale m’bokosi. Imayamba ndi wa.me, kenako nambala yanu yoyamba ndi 265, yopanda 0 wa kutsogolo, yopanda chizindikiro cha + ndiponso yopanda mipata. Pambuyo pake pamabwera mawuwo. Linki silola mipata, choncho mpata umalembedwa %20, mzere watsopano %0A, ndipo timadontho tiwiri %3A. Pamene pali X mumaika manambala anu:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Moni.%20Ndikufuna%20keke.%0ATsiku%3A%0AAnthu%3A%0AMalo%3A
```

Munthu akadina linki imeneyi pa Facebook kapena pa Status, macheza amatseguka moni atalembedwa kale, pansi pake pali mizere itatu yoti adzaze: Tsiku, Anthu, Malo. Palibe chimene chimapita mpaka iye mwini atadina batani lotumizira. Amene akuona kuti zizindikirozi n’zosokoneza akhoza kugwiritsa ntchito Short link mu Business tools, pomwe mumangolemba mawu wamba ndipo pulogalamu imakonza yokha.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Ena amadina n’kutumiza osadzaza kanthu, chifukwa chala chimathamanga kuposa maso. Ndi chifukwa chomwecho chimene ogulitsa pa Facebook amalandirira mauthenga ambiri ofanana ndendende, ofunsa ngati katundu akadalipo kapena opempha zambiri: mawuwo sanalembe ndi munthu, anawapeza atalembedwa kale ndipo anangodina. Choncho linki sichotsa moni. Ziwirizi zimathandizana. Wotumiza fomu yopanda kanthu amalandira moni wokhala ndi chitsanzo, ndipo amaona chimene anaphonya.

Pali mauthenga ena odukiza amene mawu anu sangawachize, ndipo ndi bwino kuwazindikira kuti musavutike pachabe. Uthenga ukathera pakati pa chiganizo, monga “Ndikufuna keke ya,” kawirikawiri ndi batani la Enter. Pakompyuta Enter amatumiza uthenga nthawi yomweyo, ndipo wofuna mzere watsopano ayenera kudina Shift ndi Enter pamodzi. Pafoni pali Enter is send mu Settings, pansi pa Chats, ndipo akayatsidwa amachita zomwezo. Nthawi zina ndi netiweki: munthu analemba mauthenga atatu, loyamba lokha n’kudutsa, ena awiri atsala m’foni mwake ali ndi kachizindikiro ka wotchi. Mukaona chiganizo chodukira chotere, dikirani pang’ono, kenako funsani mwachindunji kuti, “Uthenga wanu wathera pa ‘keke ya’, pitirizani.” Munthuyo akhoza kukhala kuti sakudziwa n’komwe kuti zina sizinafike.

Mudziwa bwanji kuti moni akugwira ntchito

Kope lija musalitaye. Pa macheza makumi awiri akale, lembani nambala imodzi pa alionse: mauthenga angati anadutsa, anu ndi ake, kufikira pamene munatchula mtengo. Mukayatsa moni, werengani chimodzimodzi pa macheza makumi awiri otsatira. Cholinga ndi chakuti ambiri afike pa anayi: moni wa kasitomala, moni wodzitumiza yekha, pempho lathunthu, ndi mtengo wochokera kwa inu. Si onse adzafike pamenepo, ndipo palibe mawu amene angawafikitse onse. Koma amene sanafike amakuuzani pomwe pakudontha, mukawerenga mayankho awo mofatsa.

Ngati ambiri akuyankha “Ok” kapena “Chabwino” n’kukhala chete, moni watalika kapena akumveka ngati chidziwitso osati pempho. Dulani, ndipo pempho libwere pafupi ndi pamwamba. Ngati akuyankha ziwiri n’kusiya chimodzi chomwechomwecho nthawi zonse, vuto lili pa funso limenelo: mwina silikumveka, mwina anthu sakudziwa yankho lake, mwinanso akuopa. Mchemwali anaona kuti ambiri ankadumpha malo. Atafunsa ena anapeza kuti sankafuna kuuza munthu wosamudziwa kumene amakhala. Anasintha kukhala “dera lokalandirira, monga Limbe kapena Ndirande,” ndipo anthu anayamba kuyankha, chifukwa dera si nyumba. Mantha amenewa ndi omveka masiku ano pamene akuba a pafoni achuluka. N’chifukwa chake moni asapemphe chiphaso, nambala yachinsinsi kapena ndalama ya chikole. Munthu amene sanakudziweni akaona pempho la ndalama mu uthenga woyamba amathawa, ndipo akuchita bwino.

Ngati ambiri akubwerezabe “Ndi zingati?” ngakhale awerenga zonse, ndiye kuti akuopa kufotokoza zambiri kenako n’kuchita manyazi mtengo ukawapitirira. Amafuna adziwe kaye ngati ali pakhomo loyenera thumba lawo. Mankhwala ake ndi mzere umodzi wonena mtengo woyambira, kapena kuwalozera ku Catalog kumene munaika zithunzi ndi mitengo. Ogulitsa ena amabisa mitengo poopa opikisana nawo, koma wopikisana nanu amaidziwa kale, pamene kasitomala ndiye amatsala mumdima. Kumbukirani kokha kuti mtengo wolembedwa m’moni uyenera kusinthidwa tsiku lomwe shuga ndi mazira zakwera, chifukwa foni idzapitiriza kulonjeza mtengo wakale m’dzina lanu.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, kenako werenganinso. Mukasintha zitatu pamodzi simudzadziwa chimene chathandiza.

Zinthu zitatu za wophika makeke si za aliyense, ndipo kukopera moni wa mnzanu liwu ndi liwu n’kulakwitsa. Telala amafuna kudziwa mtundu wa chovala, tsiku, ndiponso ngati nsalu ilipo kale. Wogulitsa zipangizo za galimoto amafuna mtundu wa galimoto, chaka chake ndi chithunzi cha chitsulo chowonongekacho, pakuti ambiri sadziwa dzina lake koma akhoza kuchijambula. Wokonza mafoni amafuna mtundu wa foni, chimene ikuchita, ndi ngati inagwa kapena inalowa madzi. Zanu zili m’macheza anu akale, ndipo palibe wina angakupezereni.

Mukamaliza kulemba, musakhulupirire maso anu okha. Bwerekani foni ya munthu amene nambala yake simunaisunge ndipo sanakulembereni masiku 14 apitawa, makamaka foni yaing’ono yotsika mtengo ngati imene makasitomala anu ambiri ali nayo. Mupempheni alembe “Muli bwanji?” ku nambala yanu, inu muli chete pambali pake. Onani ngati moni wafika, ngati akukwana pagalasi popanda kutsitsa, ndipo koposa zonse onani chimene iye ayankhe musanamufotokozere kanthu. Akafunsa kuti “Ndiye ndilembe chiyani?” bwererani ku Greeting message mukakonze mawuwo musanagone.